Masiki ya Fumbi Siteteza ku Mpweya wa Penti: Kusankha Chotchinga Mphuno ndi Pakamwa pa Ntchito

M'mabanja ambiri muli wina amene amagwira ntchito mu fumbi kapena m'fungo la mankhwala: mmisiri wodula zidina ndi matailosi, mayi woswa miyala ya kwale, mnyamata wa pa chigayo, wowotcherera zitsulo, mlimi wopopera tomato. Ambiri amamanga kansalu kumaso kapena kuvala kamasiki ka buluu ka kuchipatala. Zimenezi zimagwira zitsotso zikuluzikulu basi. Fumbi limene limawononga mapapo ndi losalala kwambiri moti maso saliona, ndipo limadutsa pansalu komanso m'mbali mwa kamasiki kaja.

Musanagule, dzifunseni kuti chimene chili mumpweya n'chiyani. Pali mitundu iwiri, ndipo uliwonse uli ndi sefa yakeyake. Woyamba ndi tizidutswa: fumbi la miyala, simenti, matabwa ndi ufa, komanso utsi wa kuwotcherera, umene kwenikweni ndi tizitsulo tating'onoting'ono touluka. Wachiwiri ndi mpweya weniweni, ngati uja wotuluka mu thina, petulo, guluu wa nsapato ndi penti wa mafuta. Sefa ya fumbi ndi ulusi wolukana umene umakola tizidutswa, koma mpweya umangodutsamo. Mpweya umagwidwa ndi makala opangidwa mwapadera amene amakhala m'kachitini ka masiki ya mphira. Makalawo nawonso sagwira fumbi.

Za fumbi

Yang'anani zilembo zodindidwa pa masiki penipeni, osati pa katoni pokha. Zopangidwa motsatira muyezo wa ku Ulaya zimalembedwa EN 149, kenako FFP1, FFP2 kapena FFP3. Poyesedwa, FFP1 imagwira tizidutswa tosachepera 80 pa 100 tilitonse, FFP2 imagwira 94, pamene FFP3 imagwira 99. Ya ku Amereka yolembedwa N95 ikufanana mphamvu ndi FFP2. Masiki yopanda chilembo chilichonse musaidalire, ngakhale wogulitsa ailankhulire bwanji.

FFP2 ndi yokwanira posesa m'nkhokwe kapena pa chigayo. Koma podula konkiriti, zidina ndi matailosi, poswa miyala ndi powotcherera, funani FFP3, kapena masiki ya mphira yokhala ndi sefa yolembedwa P3. Pa konkiriti, zidina, matailosi ndi miyala, chifukwa chake ndi silika, mchenga wosalala umene uli m'miyala yambiri. Ukakhazikika m'mapapo umasiya zipsera zosapola, matenda otchedwa silikosisi. Munthu amayamba kupuma mobanika patapita zaka, nthawi zina atasiya kale ntchitoyo, ndipo amadwala chifuwa chachikulu mosavuta. Ndiwo matenda amene anavutitsa anthu ambiri ogwira ntchito m'migodi ya golide ku Joni, kumene abambo ndi agogo athu ankapita pa Wenela. Mankhwala ochiza silikosisi palibe.

Masiki yolembedwa NR ndi ya tsiku limodzi la ntchito. Ikanyowa, ikang'ambika kapena kupuma kukayamba kulemera, itayeni. Musaichape: madzi ndi sopo zimawononga sefa ngakhale masikiyo izioneka yoyera.

Za mpweya wa mankhwala

Timachitini ta masefa a makala timadziwika ndi chilembo komanso mtundu wa mzere wozungulira. A ndi wa bulawuni, wa thina, penti wa mafuta ndi zosungunulira zambiri. B ndi wotuwa, wa mpweya ngati klorini. E ndi wachikasu, wa mpweya wa asidi, ndipo K ndi wobiriwira, wa amoniya. Mzere woyera ndi P, sefa ya fumbi. Nambala yotsatira chilembo cha mpweya imanena kuchuluka kwa zimene makalawo angasunge asanadzaze, choncho A2 imatha mochedwerapo kuposa A1.

Tiyerekeze mmisiri amene wapatsidwa ntchito yomalizitsa nyumba. M'mawa akudula matailosi, masana akupala chitseko, madzulo akuchipopera penti wosungunula ndi thina. M'mawa ndi masana akufunika P3. Madzulo mumpweya muli zinthu ziwiri: timadontho ta penti, timene ndi tizidutswa, ndi mpweya wa thina. Akavala FFP3 yokha, madontho agwidwa koma thina alowa, ndipo posachedwa mutu uyamba kuwawa, chizungulire chibwera. Akavala A2 yokha, madontho adutsa. Chomuyenera ndi masiki ya mphira yokhala ndi sefa yophatikiza yolembedwa A2P3, ya mizere iwiri, bulawuni ndi woyera. Sefa yomweyi ndi imene imagwiritsidwa ntchito kawirikawiri popopera mbewu, komabe werengani kaye zolembedwa pa botolo la mankhwalawo.

Makala akadzaza sasintha maonekedwe ndipo kupuma sikulemera. Mukayamba kumva fungo mkati mwa masiki, dziwani kuti sefa yatha kale. Tulukani panja muisinthe. Ndi bwino kulemba tsiku limene mwaitsegula, kutsatira nthawi imene opanga anena, ndi kuisunga m'jumbo yomanga bwino, chifukwa ikangopachikidwa pa msomali m'galaja imapitiriza kumwa mpweya usiku wonse.

Pali malo amene sefa zonsezi sizithandiza. Sefa sipanga mpweya wopuma, choncho musalowe nayo m'chitsime chakuya, m'thanki kapena m'dzenje la chimbudzi. Sigwiranso mpweya wakupha wosanunkha wochokera pa mbaula ya makala kapena jenereta m'chipinda chotseka. Mapiritsi otuwa ofukizira chimanga amatulutsa mpweya wa fosifini, umene FFP3 kapena sefa ya A singautchinge. Musawagwiritse ntchito m'nyumba yogonamo anthu. Penti wa galimoto wosakaniza ndi mankhwala oumitsira amafuna chovala cha kumutu cholandira mpweya wabwino kudzera m'paipi.

Kukwana pankhope

Mpweya umatsata njira yosavuta. Pakakhala kampata pambali pa mphuno, FFP3 yodula isanduka chokongoletsa nkhope. Ndevu ndi vuto lalikulu: ngakhale zongophuka kumene zimanyamula m'mphepete mwa masiki, motero wovala ayenera kumeta tsiku lomwelo. Sankhani ya zingwe ziwiri zozungulira mutu, china pamwamba pa makutu china m'khosi, chifukwa yokoleka m'makutu nthawi zambiri sigwira zolimba. Kawaya ka pamphuno kapindeni ndi zala za manja onse awiri. Kutsina ndi dzanja limodzi kumasiya kampata pamwamba.

Nthawi iliyonse mukavala, yesani. Pa masiki ya mphira, tsekani masefa ndi zikhatho, kokani mpweya pang'ono n'kuugwira kwa masekondi 10. Masikiyo iyenera kuphwa n'kumamatira kumaso. Ikabwerera msanga, penapake pakulowa mpweya. Pa FFP2 kapena FFP3, iphimbeni ndi manja n'kutulutsa mpweya mwamphamvu. Mukamva kamphepo m'maso kapena m'masaya, konzaninso zingwe.

Kuyesa kokwanira kumachitika ndi munthu wophunzitsidwa, ndipo olemba ntchito ndiwo ayenera kukonza zimenezi. Musadye, kumwa zotsekemera kapena kusuta kwa theka la ola musanayesedwe. Amakuvekani chithumba choonekera kumutu n'kupoperamo mankhwala owawa kapena otsekemera, poyamba mulibe masiki, kuti aone ngati lilime lanu likuwamva. Kenako mumavala masiki n'kuchita zinthu 7, chilichonse kwa mphindi imodzi: kupuma wamba, kupuma mozama, kutembenuza mutu uku ndi uku, kuwerama ndi kuweramutsa mutu, kuyankhula, kuwerama thupi lonse, ndi kupumanso wamba. Mukangomva kukoma kwa mankhwalawo, masikiyo siikukwanani. Yesani saizi ina kapena mtundu wina. Muyesedwenso mukasintha mtundu wa masiki, mukanenepa kapena kuwonda kwambiri, kapena mukachotsa mano.

Masikizi zimapangidwira nkhope za akuluakulu, choncho ana, makamaka oberekedwa kumbuyo, akhale kutali ndi poswera miyala. Thirani madzi podula ndi posesa kuti fumbi lisauluke, ndipo zovala za kuntchito musazikutumule m'nyumba. Amene wagwira ntchito ya fumbi la miyala ndipo akutsokomola kwa milungu iwiri kapena akubanika, apite kuchipatala akayezetse chifuwa chachikulu, ndipo akauze adokotala ntchito imene amagwira ndi zaka zimene waigwira.