Reshiyo Ikatuluka 1, Nditani?

Funso: Ndine wophunzira zauinjiniya, ndimakhala ku Kameza. Pofuna kudziwa ngati mndandanda Σ (−1)ⁿ⁺¹/√n umakhazikika pa nambala imodzi, ndinagwiritsa ntchito njira ya reshiyo, limiti n'kutuluka 1. Kodi ndilembe kuti sukhazikika?

Yankho: Ayi, musatero. Limiti ya |aₙ₊₁/aₙ| ikachepera 1, mndandanda umakhazikika. Ikaposa 1, sukhazikika. Koma ikakhala 1 ndendende, njirayi siyigamula kanthu: Σ 1/n sukhazikika, Σ 1/n² umakhazikika, chonsecho yonse iwiri imapereka 1. Lembani zimenezo, kenako musinthe njira.

Poti zizindikiro + ndi − zikusinthanasinthana, tengani njira ya Leibniz. Ikani bₙ = 1/√n, ndipo mulembe mfundo zitatu, iliyonse ndi chifukwa chake. Choyamba, bₙ > 0 chifukwa √n > 0. Chachiwiri, bₙ₊₁ < bₙ chifukwa √(n+1) > √n. Kungoonetsa manambala oyambirira akuchepa si umboni. Pamafunika chifukwa chogwira pa n aliyense. Chachitatu, bₙ → 0 chifukwa √n amakula mopanda malire. Zitatuzi zikakwanira, lembani kuti mndandandawu umakhazikika mwa njira ya Leibniz.

Kenako chotsani zizindikirozo, mutsale ndi Σ 1/√n. Apa ndiye njira yoyerekeza ikugwira, poti imafuna manambala osachepera 0. Popeza √n ≤ n, ndiye kuti 1/√n ≥ 1/n, ndipo Σ 1/n sukhazikika, choncho waukuluwonso sukhazikika. Samalani mbali: kuchepera mndandanda wosakhazikika sikutsimikiza chilichonse.

Mzere womaliza unene kuti mndandanda wanu umakhazikika chifukwa cha kusinthana kwa zizindikiro, koma zikachotsedwa sukhazikika.