Kulemba maganizo a mpangankhani popanda kunena kuti "anaganiza"

Mwana wanu akakupatsani nkhani yaifupi imene walemba kuti mumuonereko, kapena inuyo mukamalemba yanu madzulo ntchito zitatha, werengani malo onse amene pali mawu akuti "anaganiza kuti" ndi "anadzifunsa kuti". Kawirikawiri amakhala mbwee, ndipo paliponse pamene ali, wowerenga amakumbutsidwa kuti pakati pa iye ndi mpangankhani pali munthu wina wonenera. Pali njira yochotsera mawu amenewa maganizowo n'kutsala. Wofotokoza nkhani amapitirizabe kunena za "iye", sasanduka "ine", koma chiganizo chimatenga mawu, mantha ndi kaonedwe ka mpangankhaniyo, moti simungaloze bwinobwino pamene wofotokoza wasiyira ndi pamene mwini maganizo wayambira.

Tiyeni tigwire ntchito ndi nkhani imodzi. Nambewe walandira apongozi ake amene afika mwadzidzidzi dzuwa litapendeka, ndipo m'nyumba mulibe ndiwo. Maganizo ake angalembedwe m'njira zitatu.

Yoyamba ndi kumulankhulitsa: Nambewe anavundukula mphika n'kunena chamumtima kuti, "Kodi ndiwapatsa chiyani apongozi lero? Ndiwo zija zatha."

Yachiwiri ndi kumunenera: Nambewe anavundukula mphika. Anadzifunsa chimene akanawapatsa apongozi ake tsiku limenelo, popeza ndiwo zinali zitatha.

Yachitatu ndi imene tikuphunzira: Nambewe anavundukula mphika. Kodi awapatsa chiyani apongozi lero? Ndiwo zija zinali zitatha.

Kuti mufike pa njira yachitatu, yambani ndi yoyamba, chifukwa ndi imene ili ndi mawu enieni a munthuyo. Lembani zimene Nambewe akanang'ung'udza atakhala yekha kukhitchini. Kenako fufutani "n'kunena chamumtima kuti" pamodzi ndi zizindikiro za mawu olankhulidwa. Sinthani "ndi-" aliyense akhale "a-", moti "ndiwapatsa" asanduke "awapatsa". Mneni wonena mmene zinthu zilili mubwezereni ku nthawi yakale imene nkhani yonse ikuyendera: "zatha" akhale "zinali zitatha". Koma wonena zam'tsogolo musiyeni, popeza kwa Nambewe zimenezo sizinachitike. Zina zonse musazikhudze, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa pofuna kukonza chiganizo kuti chimveke chaulemu ngati cha m'buku la sukulu.

Zimene simuyenera kukhudzazo ndi zimene zanyamula Nambewe. Mawu akuti "lero" ndi ake, chifukwa wofotokoza amene akusimba zakale akanati "tsiku limenelo". Chimodzimodzi "mawa", "dzulo", "pano" ndi "kuno". Funso loyamba ndi "kodi" kapena "nanga" ndi lakenso, pakuti wofotokoza amadziwa mathero a nkhani ndipo alibe chodzifunsira. Ndiye pali kamawu kakang'ono "zija". Timati "ndiwo zija", "ngongole ija", "munthu uja" ponena za chinthu chimene tikuchikumbukira. Wowerenga sanaziwonepo ndiwozo. Amene akuzikumbukira ndi Nambewe, yemwe anaziphika m'mawa n'kumayembekeza kuti zifika usiku. Mukangolemba "zija", wowerenga walowa kale m'mutu mwake.

Dzina limene munthu akutchulidwa nalo ndi chida champhamvu kuposa zonsezi. Wofotokoza anganene kuti "apongozi ake" kapena "mayi Phiri". Nambewe m'mutu mwake amangoti "apongozi", mwina "amayi", osawonjezera "ake". Mwamuna wake samutchula dzina, amati "bambo a Chisomo". Choncho chiganizo chakuti "Bambo a Chisomo anali asanabwerebe" chikumveka ngati nkhani wamba yofotokoza, komabe dzinalo ndi "-be" wakumapetoyo zikusonyeza munthu amene wadikira mpaka kutopa.

Ulemu umagwiranso ntchito yomweyi, ndipo ndimaona kuti olemba achinyamata sazindikira mphamvu imene ali nayo pamenepa. Pakamwa Nambewe amati "awa", "iwo", "ndawaona". Koma tayesani kulemba motere: "Anawayalira mphasa n'kuwalonjera atagwada. Nanga mayi ameneyu amatani kutumiza uthenga? Amuphikire chiyani munthu wobwera chonchi?" Chiganizo choyamba chili ndi "-wa-" wa ulemu, chifukwa ndi zimene anthu akuona. Ziwiri zotsatirazo zagwera ku "ameneyu" ndi "-mu-". Palibe pamene mwalemba kuti Nambewe anakwiya, koma aliyense woleredwa pamudzi wamva kuti mumtima ulemu wachoka. Gwiritsani ntchito zimenezi mosamala, kamodzi kapena kawiri m'nkhani yonse, pamene mtima wa munthuyo wafikadi pamenepo.

Pali vuto limodzi limene muyenera kulidikira. "A-" wa munthu mmodzi ndi "a-" wa ulemu amalembedwa mofanana. Mukalemba kuti "Anali atatopa, ndipo sakanatha kupita kumsika", wowerenga sadziwa ngati wotopayo ndi Nambewe kapena apongozi. Musathetse vutoli pobwereza dzina lakuti Nambewe m'kati mwa maganizo, chifukwa munthu sadzitchula dzina akamaganiza, ndipo dzinalo limatulutsa wowerenga kunja. Ikani "iye" kapena "iyeyo" ponena za Nambewe, "iwo" ponena za apongozi: "Iyeyo anali atatopa kale, nanga kumsika n'pafupi?"

Nayi ndime yonse itamangidwa:

Nambewe anavundukula mphika. Munali msuzi wokha. Kodi awapatsa chiyani apongozi lero? Nkhuku ija anagulitsa mwezi watha chifukwa cha fizi, ndipo kukapempha kwa Nachisale kachiwiri sabata imodzi, ayi ndithu, bola kufa ndi manyazi m'nyumba mwake momwe. Bambo a Chisomo anali asanabwerebe. Anali munthu wosaganizira anzake. Anavundikira mphikawo n'kutuluka ndi lichero kupita kudimba.

Onani mmene ndimeyi yalowera ndi mmene yatulukira. Yayamba ndi chochita chooneka ndi maso, kuvundukula mphika, kuti wowerenga adziwe mwini maganizo amene akubwerawo. Yatha ndi chochita china, kutuluka ndi lichero. Musalowe m'mutu mwa munthu musanamuike pamalo, ndipo musakhalitsemo. Ziganizo zitatu kufikira zisanu zimakwana, kenako dzanja ligwire chinthu kapena wina alankhule.

Tsopano yang'anitsitsani chiganizo chakuti "Anali munthu wosaganizira anzake." Wanena zimenezi ndani? Mulibe "kodi", mulibe "zija", ndipo chaima ngati chilungamo chochokera kwa wofotokoza. Koma chili pakati pa madandaulo a Nambewe. Wowerenga amachilandira osachifufuza, n'kuyamba kumuona mwamunayo ndi maso a mkazi wake. Ngati patsamba lotsatira bamboyo afika ndi usipa atamva panjira kuti amayi ake abwera, wowerenga amazindikira kuti chiweruzo chija chinali cha mkwiyo wa Nambewe, ndipo kuti iyenso anachivomera. Phindu lalikulu la kalembedwe aka lili pamenepa. Mukanalemba kuti "Nambewe anaganiza kuti mwamuna wake ndi wosaganizira anzake", wowerenga akanachenjera msanga n'kuima patali.

Jane Austen anamanga buku lake la Emma, la mu 1815, pa zomwezi. Emma Woodhouse amatsimikiza kuti mbusa Elton wakopeka ndi mnzake Harriet Smith, ndipo nkhaniyo imapereka zizindikiro za chikondicho m'mawu ooneka ngati a wofotokoza pamene ali kumasulira kwa Emma. Mbusayo akadzafunsira Emma yemweyo, wowerenga amene sanali tcheru amadzidzimuka naye limodzi. Ku France kusaoneka kwa malire kumeneku kunafika m'bwalo la milandu. Mu 1857 Gustave Flaubert anazengedwa mlandu woipitsa khalidwe la anthu chifukwa cha buku la Madame Bovary. Woimira boma, Ernest Pinard, anawerenga mwa zina ndime imene Emma Bovary akusangalala atangoyamba chibwenzi chamseri, n'kuitenga ngati kutamanda chigololo, pamene chisangalalocho chinali cha mpangankhani cholembedwa popanda "anaganiza kuti". Flaubert anapezeka wosalakwa. Wolemba adziwe kuti owerenga ena adzamuika m'kamwa mawu a mpangankhani wake, makamaka akakhala mawu achipongwe kapena atsankho. Ngati simukufuna zimenezo, nkhaniyo iwonetse penapake, kudzera m'zochitika, kuti maganizowo anali opotoka.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri n'zosavuta kuzigwira. China ndi kupatsa munthu zimene sangadziwe. Nambewe ali kukhitchini sangaganize kuti "apongozi anali kumwetulira pakhonde", pokhapokha akuwaona. China ndi kumupatsa mawu osakhala ake: mwana wa sitandade 3 saganiza za "mavuto a zachuma", amaganiza kuti lero kulibe tiyi. Chachikulu ndi kudumpha kuchoka m'mutu wina kulowa m'mutu wina m'ndime imodzi. Mukafuna maganizo a apongozi, yambani ndime yatsopano ndi chochita chawo, mwina akukutumula fumbi pachitenje, kenako mawu asinthe: amene anali "Nambewe" akhale "mkazi wa mwana wawo" kapena "mtsikana ameneyu". Mafunso nawonso asachuluke. Ndime yokhala ndi "kodi" asanu motsatizana imatopetsa, ndipo ziganizo zosafunsa, ngati chija cha mwamuna wosaganizira anzake, ndi zimene zimagwira ntchito yozama.

Poyesa zimene mwalemba, tengani chiganizo chilichonse chimene mukuti ndi maganizo, mubwezeremo "ndi-" ndi nthawi ya tsopano, n'kuchinena mokweza. "Nkhuku ija ndinagulitsa mwezi watha chifukwa cha fizi" chikumveka ngati mawu otuluka m'kamwa mwa mayi weniweni, choncho chili bwino. Chikamveka chachilendo, monga "ndinamva chisoni chachikulu chosaneneka", ndiye kuti ndi wofotokoza amene walowerera, ndipo muyenera kusankha kuti chikhale cha ndani.

Kenako werengerani a m'nyumba mwanu ndimeyo mukatha kudya. Werengani ndi liwu limodzi losasintha, osayerekezera kalankhulidwe ka Nambewe, chifukwa liwu lanu lingaulule zimene papepala sizikuoneka. Mukamaliza afunseni kuti bambo a Chisomo ndi munthu wotani, ndipo awauza ndani. Wina akati "nkhaniyo yanena", wina n'kuti "ayi, ndi mkazi wake akudandaula", ndimeyo yagwira ntchito, isiyeni momwemo. Koma akayamba kufunsana kuti wagulitsa nkhuku ndani, kapena wotopa ndani, vuto lili pa "a-" uja kapena pa chochita cholowera. Bwererani pachiganizo choyamba cha ndimeyo, mutchule dzina la Nambewe pamodzi ndi chimene wagwira m'manja, ndipo muike "iye" pamene panasokoneza.