Mwana akatsegula m'mimba, mumwetseni Thanzi

Mawu a mlangizi wa zaumoyo pa msonkhano wa m'mudzi



Mwana akachita chimbudzi chamadzi katatu kapena kuposerapo pa tsiku, ameneyo watsegula m'mimba. Ambiri timati ndi mano akumera, zitha zokha. Chonde tisatero. Chimene chimapha mwana ndi kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi, ndipo kathupi kake n'kochepa, madziwo sachedwa kutha. Khanda limene limasewera m'mawa likhoza kukhala litalefukiratu pofika madzulo.

Muyang'aneni bwino mwanayo. Maso alowa m'kati? Akulira popanda misozi? Tsinani khungu la pamimba pake n'kulisiya: likachedwa kubwerera, madzi achepa. Liwombo likalowa m'kati, agogo, si nthenda ina yofuna mankhwala omata pamutu ayi. Ndi madzi omwewo atha, ndipo liwombo limabwerera mwana akamwa.

Mankhwala ake ndi Thanzi. Sambani m'manja ndi sopo, thirani paketi yonse m'lita imodzi ya madzi owiritsa atazizira, kapena othira kolorini. Lita imodzi ndi mabotolo awiri a mamililita 500. Musachepetse madzi poganiza kuti mankhwala akhala amphamvu, chifukwa mchere ukachuluka umamupweteka mwana.

Tinene kuti mwana wanu ali ndi chaka chimodzi. Nthawi iliyonse akachita chimbudzi, mumwetseni mamililita 50 mpaka 100, ndiye kuti kota kapena theka la kapu. Mpatseni ndi supuni, pang'onopang'ono, ali pamiyendo panu. Akasanza musataye mtima: dikirani mphindi 10, yambiraninso modekha kuposa poyamba. Wa zaka 2 mpaka 10 amwe theka la kapu kapena kapu yodzaza. Thanzi wosungunula akatha maola 24, tayani, pangani wina.

Palinso zinki. Mwana amene wakwanitsa miyezi 6 amwe piritsi limodzi pa tsiku kwa masiku 10 mpaka 14, monga tikuuzireni. Wocheperapo amwe theka, losungunula mu mkaka wa m'mawere. Apa ndi pomwe ambiri amasiyira panjira, mwana akangoyamba kusewera. Malizitsani, chifukwa zinki amateteza kuti matendawa asabwerenso msanga.

Bere lisaleke, ndipo muyamwitseni pafupipafupi. Phala mpatseninso. Zakumwa zotsekemera za m'mabotolo ayi, zimawonjezera kutsegula.

Koma mukaona magazi m'chimbudzi, mwana akukana kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, akukomoka, kapena chimbudzi chili ngati madzi otsukira mpunga, musadikire kuti kuche, pitani naye kuchipatala. Khanda losakwana miyezi 2 lipite kuchipatala tsiku lomwelo. Abambo, tulutsani njinga, ndipo amayi azimumwetsa Thanzi m'njira monse mpaka mukafike.