Katemera wa ana m'boma la Ntcheu: mafunso ndi mayankho

Kodi mwana alandire liti katemera, nanga tipite naye kuti?

Akangobadwa amalandira BCG ndi madontho a poliyo. Mubwere nayenso ali ndi masabata 6, 10 ndi 14, kenako miyezi 9 ndi 15 kudzalandira wa chikuku. Pitani ku sikelo ya chipatala cha boma cha Ntcheu, ku zipatala zing'onozing'ono monga Lizulu, Tsangano, Kasinje ndi Bwanje, kapena kumene alangizi a zaumoyo amachitira sikelo m'mudzi mwanu. Tsiku lobweranso limalembedwa m'buku la mwana. Ku zipatala za boma katemera ndi waulere; ku zamishoni yambani mwafunsa, poti thandizo lina kumeneko lingakhale lolipira.

N'chifukwa chiyani mwana amatentha thupi akabayidwa?

Funsoli ndi limene limabweza amayi ambiri panjira. Jakisoni wa pantchafu wa masabata 6 amateteza ku matenda asanu, kuphatikizapo kafumbata ndi chifuwa chokoka mtima. Thupi likamaphunzira kulimbana ndi matendawa, ana ena amatentha pang'ono, kulira usiku ndi kutupa pobayidwapo. Kawirikawiri zimatha pa tsiku limodzi kapena awiri. Muyamwitseni pafupipafupi, mum'chepetsere zofunda, ndipo potupapo musathirepo mankhwala kapena kutemerapo. Ena amati mwana anali bwinobwino, ndiye katemera ndi amene wam'dwalitsa. N'zoona kuti kutenthako kwabwera ndi jakisoni, koma si matenda amene jakisoniyo akuteteza. Chifuwa chokoka mtima chimatsokomoletsa khanda kwa masabata ambiri mpaka kubanika, ndipo jakisoni woyamba yekha sakwanira kuchitchinga. Mayi wosiyira pa woyamba ndiye kuti mwana wamva ululu koma chitetezo sanachipeze chokwanira.

Nanga kutenthako kukapanda kutha?

Kukapitirira masiku awiri, kapena mwana akakomoka, kukana bere kapena kuvutika kupuma, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Zoopsa zochokera ku katemera sizichitikachitika, koma sitinganene kuti kulibiretu. Chimene timaopa kwambiri ndi malungo kapena chibayo zobisala kumbuyo kwa mawu akuti "ndi katemera chabe".

Pamkono patuluka kachilonda, kodi jakisoni sanaonongeke?

Ayi. BCG amatulutsa kachotupa patapita masabata angapo, kamaphulika, n'kusiya kachipsera. Musakafinye.

Anatentha thupi ulendo watha ndipo tinadumphitsa tsiku. Kodi ayambirenso?

Sayambiranso. Mwana amene anabayidwa pa masabata 6 n'kubweranso ali ndi miyezi inayi amalandira jakisoni wachiwiri tsiku lomwelo, wachitatu pakatha masabata anayi. Mwina atenthanso thupi, mwinanso ayi. Bweretsani buku lake, ngakhale litanyowa kapena kung'ambika, kuti alangizi aone pamene anasiyira.