SN1 Kapena SN2? Tiyambire pa Kaboni

Pamayeso ambirife timathamangira nyukiliyofailo, koma tiyambire pa kaboni imene yagwira Br. Mu CH₃Br kumbuyo kwa kaboniyo kuli mpata, choncho OH⁻ imalowera kumeneko pomwe Br⁻ ikuchoka. Zonse zimachitika kamodzi, ndiye SN2.

Mu (CH₃)₃CBr magulu atatu a CH₃ atseka njira. Br⁻, imene sivuta kuchoka, imayamba yachoka yokha n'kusiya kabokatayoni. Magulu aja amailimbitsa, madzi n'kuizungulira, ndipo madzi omwewo, ngakhale ndi nyukiliyofailo yofooka, amalowa. Iyi ndi SN1.

Yovuta ndi kaboni ya magulu awiri. CN⁻ mu DMSO imakokera ku SN2, madzi okha ku SN1. Tikakayika, tiwirikize kawiri nyukiliyofailo. Liwiro likawirikiza, ndi SN2. Likapanda kusintha, ndi SN1.