Ndalama zanga zikulowera kuti? Mayankho kwa eni magolosale

Wowulutsa: Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Mponela amene ali ndi kagolosale. Akuti: "Mwezi watha ndinaoda katundu wa K600,000, ndipo kope langa likuonetsa kuti ndinagulitsa K640,000. Ndiye kuti mwezi wonse ndavutikira K40,000 basi? Nditseke?" Alangizi, muwauze chiyani mayiwa?

Mlangizi: Mayi, musatseke kaye. Mwachita bwino kusunga kope, koma masamu anuwo akusowa mwendo umodzi. Si katundu yense amene munaoda mwezi watha amene anagulidwa, komanso wina amene munagulitsa anali wa mwezi wam'mbuyo. Choncho pakufunika kuwerenga katundu wa pa shelefu kawiri, tsiku loyamba la mwezi musanatsegule ndi tsiku lomaliza mutatseka. Powerengapo gwiritsani ntchito mtengo umene munaodera, osati umene mumagulitsira. Apa ndi pamene ambiri amadzinamiza, chifukwa sopo amene sanagulidwe alibe phindu.

Tiyerekeze kuti kumayambiriro kwa mwezi munali ndi katundu wa K250,000. Mwaonjezera wa K600,000 uja, zakwana K850,000. Pakutha pa mwezi mwapeza kuti watsala wa K330,000. Ndiye kuti katundu amene watuluka m'golosale ndi wa K520,000. Chotsani ndalama imeneyi pa K640,000 imene munagulitsa, mutsala ndi K120,000. Komatu katunduyo sanabwere yekha kuchokera ku Lilongwe. Ngati minibasi, wakabaza ndi onyamula anadya K30,000, phindu lanu ndi K90,000. Munaika K550,000 n'kupeza K90,000, kutanthauza kuti pa K100 iliyonse mwapindula pafupifupi K16.

Wowulutsa: Nanga bwanji m'thumba mwawo mulibe ndalama imeneyo?

Mlangizi: Chifukwa K80,000 yakhala pa shelefu. Katundu anali wa K250,000, tsopano ndi wa K330,000. Ngati ndi shuga ndi mafuta ophikira, palibe vuto, atuluka. Koma ngati ndi mafuta odzola amene achita fumbi miyezi itatu, mpamba wanu wagona tulo, ndipo musaodenso mtundu umenewo mpaka utatha.

Wowulutsa: Kalata yachiwiri ndi ya bambo wina wa ku Luchenza. Akuti mazira ndiwo amayenda malonda kwambiri pa okala yawo, koma ndalama yake saiona. Akuti mwina mnyamata wogulitsa akuwabera.

Mlangizi: Bambo, musanaloze mwana wa eni chala, werengani mazirawo limodzilimodzi kwa sabata imodzi. Ndikupatseni chitsanzo. Mwagula mathireyi 10, lililonse la mazira 30, pa K9,000 thireyi. Dzira limodzi lakudyerani K300, ndipo mukugulitsa K350. Pakutha pa sabata atsala 20, ndiye kuti atuluka 280. Koma m'kope mwalembedwa 255. Mazira 25 apita kuti?

Taonani mmene 25 amenewa akupwetekera. Pa dzira lililonse mumapindula K50 yokha, pamene losweka limapita ndi K300 yonse. Dzira limodzi likasweka, phindu la mazira 6 lathera pomwepo. Mazira 255 aja akupatsani K12,750, koma osowawo atenga K7,500. Mwatsala ndi K5,250, musanachotse n'komwe ya mayendedwe. N'chifukwa chake ine sindisangalala ndi mawu akuti "akuyenda malonda" ndisanaone kope.

Tsegulani tsamba lina kumapeto kwa kope, lolembapo zotayika zokhazokha. Dzira losweka panjira, lovunda, limene mayi a kunyumba atenga kuti akazingire ana, lililonse lilembedwe tsiku lomwelo pamtengo woodera. Za kunyumbazi ndizo zimandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa mwini wake saziona ngati kuluza, amangoti ndi zanga zomwe. Ngati mwa 25 aja tsambalo lafotokoza 22, atatu otsalawo mwina ndi kuiwala kulemba. Koma likafotokoza 5 okha, sabata ndi sabata, pamenepo khalani pansi ndi mnyamatayo kope lili patsogolo.

Wowulutsa: Mayi a ku Mponela aja nawonso achotse zotayikazi pa K90,000 yawo?

Mlangizi: Ayi, asachotse kawiri. Katundu wowonongeka sanapezeke pa shelefu powerenga, choncho ali kale mkati mwa K520,000 ija. Tsamba la zotayika likungowauza pamene padontha. Chimene ayenera kuchenjera nacho ndi ngongole. Ngati mu K640,000 muja muli K50,000 ya anthu oti adzalipira pa malipiro, ailembe payokha, chifukwa kuholoselo salandira dzina la munthu wa ngongole.

Wowulutsa: Nthawi yatithera. Mayi a ku Mponela ndi bambo a ku Luchenza, mwezi ukatha mutilemberenso, mutiuze zimene mwapeza mutawerenga katundu wanu.