Kuchotsedwa ntchito atadwala miyezi inayi: poyambira dandaulo

Kudwala pakokha si chifukwa chovomerezeka chochotsera munthu ntchito m'Malawi muno. Lamulo la Ntchito la chaka cha 2000, m'gawo 57, limanena kuti kujomba kwa kanthawi chifukwa cha matenda kapena kuvulala sikungakhale chifukwa chochotsera munthu kapena kumulanga. Mkangano umabuka pa mawu oti "kwa kanthawi", ndipo kalata imene yafika pa tsamba lino kuchokera ku Luwani, m'boma la Neno, yagona pomwepo.

Olemba kalatayo ndi bambo amene agwira ntchito yosunga katundu pa kampani ina kwa zaka 7, pa malipiro a K120,000 pamwezi. Anadwala TB kumayambiriro kwa Febuluwale, nagonekedwa pa chipatala cha Lisungwi masabata atatu, kenako n'kumamwera mankhwala kunyumba. Akazi awo anakapereka kalata ya dokotala kwa kapitawo. Atabwerera pa ntchito pa 9 Juni, anapatsidwa kalata ya pa 30 Meyi yonena kuti achotsedwa chifukwa chothawa ntchito. Akufunsa ngati pali poyambira, popeza anzawo akuwauza kuti miyezi inayi ndi yambiri.

Poyambira palipo, koma anzawowo sakunama kotheratu. Gawo 46 limapatsa munthu amene wakwanitsa miyezi 12 pa ntchito tchuthi cha matenda cha masabata 4 pa malipiro athunthu ndi masabata ena 8 pa theka la malipiro, chaka chilichonse, bola pakhale kalata ya dokotala wovomerezeka. Bambowa anakhala pakhomo pafupifupi masabata 18, kupitirira 12 amenewa. Abwana adzagwira pamenepa, ndipo ndi bwino kudziwiratu. Komabe gawo 46 likukamba za malipiro. Silinena kuti masabata 12 akangotha ntchito yathanso. TB ndi matenda ochizika, mankhwala ake nthawi zambiri amatenga miyezi 6, ndipo ambiri amabwerera pa ntchito asanamalize n'komwe. Munthu amene wafika yekha pa geti ali ndi mphamvu ali ndi umboni wooneka kuti kujomba kwake kunali kwa kanthawi.

Mfundo yolemera kuposa zonse ndi yoti sanaitanidwe kuti amvedwe. Gawo 57 lomweli limaletsa kuchotsa munthu pa chifukwa cha khalidwe lake kapena kulephera kwake ntchito asanapatsidwe mwayi wodziteteza, pokhapokha ngati kunali kosatheka kutero. Kampani imene imadziwa mudzi wa wantchito wake, imene kapitawo wake analandira kalata ya dokotala m'manja, ingavutike kunena kuti sikanatha kumupeza. Abwana ofuna kuchotsa munthu chifukwa cha thanzi amayenera kuyamba afunsa: achira liti, adokotala akuti chiyani, kodi palibe ntchito yopepukirapo imene angagwire pakadali pano? Gawo 61 limaika udindo wosonyeza chifukwa pa olemba ntchito, ndipo limafunanso kuti asonyeze kuti anachita mwachilungamo. Wantchito amangoyenera kusonyeza kuti anachotsedwa.

Mfundo ina ili m'kalata ya kampani yomweyo. Yalemba "kuthawa ntchito", pomwe wothawa ndi amene wasowa osanena kanthu. Apa nkhani yonse yatsamira pa umboni woti kalata ya dokotala inafikadi. Ambiri amagwa apa, chifukwa kalata imaperekedwa pamanja, popanda fotokope, popanda wosainira. Ngati zinatero, akazi awo alembe tsiku, malo ndi munthu amene anamupatsa, komanso amene anaona. Mauthenga a pa foni opita kwa kapitawo asafufutidwe. Buku la kuchipatala ndi khadi la TB zili ndi masiku ndi zidindo zimene palibe angazikane, ndipo achipatala angapemphedwe kalata ina yonena masiku ogonekedwa ndi kuti munthuyo tsopano angathe kugwira ntchito. Kalata yachiwiriyi ndi imene imaiwalika kawirikawiri, chonsecho ndi imene imatseka pakamwa aliyense wonena kuti wodwalayo sadzathanso ntchito.

Dandaulo lipite mwa kalata kwa mkulu wa ofesi ya leba ya boma la Neno pasanathe miyezi itatu chichotsedwere, monga likunenera gawo 62. Kwa bambowa ndi bwino kuwerengera kuyambira pa 30 Meyi, osati pa tsiku limene analandira kalata, kotero dandaulo lifike tsiku la 30 Ogasiti lisanakwane. Ngati kampani ili ndi njira yake yochitira apilo, ailembere kalata yomweyo tsiku lomwelo, koma asadikire yankho lake masiku n'kumatha. Nkhani ikakanika ku leba patatha mwezi umodzi, ingapite ku khoti la za ntchito, limene likulu lake lili ku Blantyre.

Kalata yabwino ya dandaulo sipitirira masamba awiri. Imayamba ndi dzina, ntchito, tsiku loyamba ntchito ndi malipiro. Kenako imafotokoza zimene zinachitika motsatira masiku, chiganizo chilichonse ndi tsiku lake ndi pepala lochitira umboni. Zifukwa zotsutsira zimabwera pambuyo pake, chilichonse pandime yake, motere: "Ndinachotsedwa popanda kuitanidwa kuti ndiyankhepo, zimene zikutsutsana ndi gawo 57. Kampani inkadziwa kumene ndinali, chifukwa akazi anga anapereka kalata ya dokotala kwa kapitawo pa 10 Febuluwale." Mavuto a pakhomo, ngongole za kuchipatala ndi kuuma mtima kwa abwana ndi zoona, koma zikachuluka zimaphimba mfundo, ndipo mawu onyoza amangopatsa kampani chonena. Kubisa kuti masabata 12 anapitirira n'kosathandizanso. Ndi bwino kuzinena yekha, n'kuwonjezera kuti kampani sinafunse chilichonse za kuchira kwake. Mapepala onse apite ngati mafotokope, enieni atsale kunyumba, ndipo wolandira kalata adinde pa kope la wodandaula.

Ndime yomaliza inene chimene wodandaula akufuna. Gawo 63 limapatsa khoti mphamvu yobwezera munthu pa ntchito yake, yomulembanso pa ntchito ina yofanana nayo, kapena yolamula chipepeso. Kwa amene wagwira zaka zopitirira 5 koma zosapitirira 10, chipepeso sichichepera malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse. Pa zaka 7, amenewo ndi masabata 14, pafupifupi K420,000 tikawerenga masabata anayi pa mwezi, ndipo khoti lingakweze poona mmene munthuyo wavutikira kupeza ntchito ina. Wochotsedwa mopanda chilungamo amayeneranso ndalama zolekera ntchito za m'gawo 35: masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka 5 zoyamba ndi masabata atatu pa chaka chilichonse cha zaka ziwiri zotsatirazo, onse pamodzi masabata 16, pafupifupi K480,000. Pamwamba pa izi pali notisi ya mwezi umodzi, masiku a tchuthi amene sanatengedwe, ndi malipiro a nthawi ya matenda ngati sanaperekedwe, omwe kwa bambowa ndi pafupifupi K240,000. Chilichonse chilembedwe pachokha ndi chiwerengero chake.

Kampani ikawaitana kuti akatenge ndalama zawo zomaliza, awerenge kaye pepala losainira. Ngati likunena kuti alibenso dandaulo lina, apite nalo ku ofesi ya leba asanasaine.